Foni ikangoti zii musayambe kukonza maliro: kuyeza maganizo oopsa ndi umboni

Achemwali anga aakulu ali ndi mwana wamwamuna ku Joni. Anapita mu 2021, amagwira ntchito kukhitchini pa malo ena odyera, ndipo mwezi ukatha amatumiza kangachepe. Lachiwiri lina mu 2023, cha m'ma 7 koloko madzulo, achemwali anamulembera pa WhatsApp kumufunsa mmene waswerera. Uthengawo unangokhala ndi tiki imodzi. Pofika 10 koloko usiku anali atamuimbira maulendo 14. Pofika tambala woyamba anali atadziwa kale amene adzawakongoze ndalama zonyamulira mtembo, ndiponso kuti ine, monga malume ake, ndi amene ndidzapite kuchipata cha Mwanza kukaulandira.

Anandiimbira kusanache. "Achimwene, mwana uja wapita. Mtima wanga sunama."

Ngati inunso muli otere, kuti abwana akangoti "mundipeze ku ofesi mawa" ndiye kuti ntchito yatha, mutu ukapweteka masiku awiri ndiye kuti muli chotupa, mukudziwa kuti mawu akuti "musadandaule, zonse zili bwino" sathandiza. Amene akukuuzaniyo sakudziwa ngati zilidi bwino, ndipo inu mukudziwa kuti sakudziwa. Njira imene ndikufotokoze pano sikukuuzani kuti muziganiza zabwino zokhazokha. Ikukuuzani kuti ganizo loopsalo mulitengere pabwalo. Kwa amfumu, wodandaula amanena mlandu wake, mboni zimayankhula, mbali inayo imayankha, kenako m'pamene pamabwera chigamulo. M'mutu mwa munthu wa nkhawa, mantha amakhala wodandaula, mboni ndiponso mfumu nthawi imodzi, ndipo mlandu umatha usanayambe.

Njirayi inachokera ku ntchito ya dokotala wa matenda a maganizo, Aaron Beck, wa ku yunivesite ya Pennsylvania ku America. M'zaka za m'ma 1960 iye anaona kuti odwala ake ankakhala ndi timaganizo tobwera tokha mwamsangamsanga, timene ankatikhulupirira osatifunsa n'komwe, ndipo anayamba kuwaphunzitsa kutilemba ndi kutiyeza. Zofunika ndi kope, cholembera, nyemba kapena njere za chimanga 20, ndi mphindi 20. Tiyenda ndi nkhani ya achemwali anga mpaka kumapeto, pakuti tinakhala pakhonde pawo m'mawa womwewo n'kuchita zimenezi.

Yambani ndi thupi

Mtima ukamagunda ngati ng'oma, manja akunjenjemera, simungaweruze mlandu uliwonse. Khalani pansi, ikani foni patali, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mantha satha, koma amatsika pang'ono moti dzanja lingathe kulemba.

Lekanitsani chimene chachitika ndi chimene mutu wanena

Jambulani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani chimene chachitika, monga mmene munthu wodutsa akanachionera. Kumanja lembani chimene mutu wanu wanena.

Achemwali anayamba kulemba kumanzere kuti, "Mwana wanga wasowa." Ndinawaletsa. Kusowa ndi chigamulo kale. Chimene chinachitika n'chakuti uthenga wa 7 koloko madzulo unali udakali ndi tiki imodzi pofika 6 koloko m'mawa, ndipo foni sinkalowa. Basi. Maola 11.

Kumanja n'kumene anthu ambiri amazemba. Amalemba kuti "china chake chalakwika" kapena "zinthu sizili bwino". Ganizo lotere silingayezeke, chifukwa chilichonse chimene chingachitike lidzati "ndinanena ine". Muyenera kulikakamiza kuti litchule mlandu wake. Dzifunseni kuti, chalakwika n'chiyani kwenikweni? Mukayankha, funsaninso kuti, ndiye zikatero chitsatire n'chiyani? Pitirizani mpaka mufike pa chiganizo chimene mukuopa kuchilemba. Achemwali anatsika masitepe atatu: wachitidwa chipongwe pobwera kuntchito, wabayidwa, wamwalira ndipo ali kumochale popanda womudziwa. Chomalizachi anachilemba dzanja likunjenjemera, ndipo anandifunsa ngati kulemba sikukhala kumulosera mwana tsoka. Funso limeneli ambiri amakhala nalo. Ganizolo linali litakhala kale m'mutu mwawo usiku wonse, likubwerezedwa kambirimbiri. Kulilemba sikulipatsa mphamvu ina yoposa imene linali nayo. Kumangolitulutsa poyera, pamene mungathe kuliyang'ana.

Mukatero ikani manambala awiri. Loyamba ndi la mmene mukukhulupirira ganizolo, kuyambira 0 mpaka 100. Lachiwiri ndi la kukula kwa mantha. Achemwali analemba 95 ndi 90. Musachepetse manambalawa chifukwa cha manyazi. Mudzawafuna pamapeto.

Mverani mboni za mantha, koma muzifunse mafunso

Tsegulani tsamba lina, mulembe pamwamba kuti "Umboni woti n'zoona". Apa musathamange, ndipo musanyoze mantha anu. Mukawatsekera pakamwa adzabweranso usiku n'kunena kuti sanamvedwe.

Achemwali analemba zinthu zisanu. Foni sikulowa kwa maola 11. Mwanayo amaweruka usiku ndipo amayenda pansi kuchoka pamene amatsikira minibasi. Ku Joni anthu amabayidwa, ndipo alendo anazunzidwapo kwambiri mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019. Mayi wina wa kumpingo kwawo anati mwana wa mnansi wake anamwalira komweko, abale n'kumva patapita sabata. Ndipo chomaliza, mtima wawo unali wolemera, chikope chakumanzere chinkagwedera kuyambira masana.

Mboni iliyonse muifunse funso limodzi: kodi munthu wina, amene alibe mantha angawa, angatsimikize zimenezi ndi maso kapena makutu ake? Ndipo ngati angatsimikize, zikunena za nkhani yanga ya leroyi kapena za nkhani ina?

Yoyamba inalowa, koma tinaifunsa kuti ikuchitira umboni chiyani. Tiki imodzi pa WhatsApp imatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu koma sunafike pa foni ya mnzanuyo. Ikunena kuti foniyo ndi yozima kapena ilibe intaneti. Ikunena za foni. Za munthu sikunena kanthu. Yachiwiri inalowa yonse, chifukwa kuyenda usiku ku Joni n'koopsadi, ndipo kukana zimenezi kukanakhala kuwanamiza. Yachitatu inalowa theka: n'zoona kuti zipolowe zinachitika, moti mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake, koma sabata imeneyo sitinamve za chipolowe chilichonse kudera limene mwanayo amakhala. Yachinayi tinaiika pambali. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngakhale nkhaniyo itakhala yoona, ndi ya mwana wa wina, ndipo imakumbukika chifukwa choti ndi yowawa. Palibe amene amabwera kumpingo kudzanena kuti, "mwana wa mnansi wanga foni yake inazima Lachiwiri, Lachitatu n'kuyaka." Nkhani zotero zilipo zambirimbiri koma sizikambidwa, ndiye mutu umaziwerenga ngati palibe.

Pa mboni yachisanu m'pamene tinakhalitsa, ndipo apa m'pamene pagona njira yonseyi. Munthu wa nkhawa amatenga kulemera kwa mtima ngati uthenga wochokera kunja: ndikuopa, ndiye kuti kuli choopsa. Komatu mtima umalemera chifukwa cha ganizolo. Ganizo labereka mantha, kenako manthawo akuimirira pabwalo kuti achitire umboni ganizo limene lawabereka. Zili ngati munthu kubweretsa mwana wake wa m'nyumba kuti akhale mboni pa mlandu wa malire a munda. Sindinalimbane nawo achemwali pa nkhani ya chikope kapena ya maloto, ndipo inunso simukuyenera kusiya zimene mumakhulupirira kuti njirayi igwire ntchito. Ndinangopempha kuti mboni imeneyi tiione mbiri yake, ngati mmene tingachitire ndi mboni ina iliyonse. Yanenapo zoona kangati?

Werengani zakale, musangozikumbukira

Tsamba lachitatu ndi la "Umboni woti si zoona". Mutu wa mantha ukafika apa umangoti mbee, ngati palibe cholemba. Ndiye musadikire kuti umboni ubwere wokha. Ufunefuneni ndi mafunso awa. Zimenezi zinachitikapo kale kangati, ndipo zinatha bwanji? Zikanakhala kuti choopsacho chachitikadi, ndi chiyani china chimene ndikanakhala nditaona kapena kumva pofika pano? Mnzanga akanabwera ndi nkhani yomweyi, ndikanamukumbutsa chiyani?

Funso loyambalo musaliyankhe ndi mutu. Kukumbukira kwa munthu wa mantha kumasankha, kumasunga tsiku limodzi loipa n'kutaya masiku 100 abwinobwino. Pezani chinthu chowerengeka. Ife tinatenga foni ya achemwali n'kubwerera m'mbuyo m'mauthenga awo ndi mwanayo, mwezi ndi mwezi, zaka ziwiri. Zinatitengera nthawi yokwana kuwiritsa tiyi. Tinapeza maulendo 9 pamene mwanayo anakhala chete kupitirira theka la tsiku, ndipo pansi pa ulendo uliwonse panali yankho lake: bandulo inatha, magetsi anathima foni n'kuzima, tchaja anabwereka mnzake. Ndinawafunsa kuti pa maulendo 9 amenewa, ndi angati pamene mtima wawo unawauza kuti mwana wafa.

Anakhala kaye chete. "Onse, achimwene."

Tinalemba: mtima wanena kuti wafa maulendo 9, wanena zoona maulendo 0. Sindinawonjezerepo mawu.

Funso lachiwiri linabweretsa mfundo imene iwo sanaiganizire usiku wonse. Mwanayo amakhala m'chipinda chimodzi ndi anyamata awiri a kwathu konkuno, ndipo onse ali ndi nambala ya achemwali. Akanapanda kufika kunyumba usiku, anzakewo akanayamba kumufunafuna, ndipo uthenga woipa suchedwa panjira. Foni ya achemwali inali yoyaka usiku wonse ndipo palibe amene anaimba. Tinawonjezeranso kuti chaka chimenecho magetsi ankathima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse ku South Africa, ndiponso kuti linali tsiku la 24 la mwezi, masiku amene mwanayo nthawi zambiri amakhala atauma m'thumba.

Chenjezo limodzi apa. Musalembe mawu ongodzitonthoza monga "sizingachitike" kapena "ndi mwana wabwino". Lamulo limene munagwiritsa ntchito pa mboni za mantha ligwirenso ntchito kuno. Ana abwino nawonso amakumana ndi achifwamba. Mukalowetsa mboni zabodza kumbali yabwino, mutu wanu umadziwa kuti mwabera, ndipo chigamulo chonse umachikana.

Gawani nyemba

Tsopano lembani zifukwa zonse zimene zingachititse chimene munalemba kumanzere kuja, osachepera zinayi. Choopsa chija chikhale pamndandanda, koma chikhale chomaliza. Tengani nyemba 20 zija muzigawe pa zifukwazo molingana ndi mmene chilichonse chingakhalire choona. Nyemba imodzi ikuimira 5 mwa 100. Yambani kugawa kuchokera pamwamba, choopsacho chilandire zotsala. Mukayamba nacho chimatenga zonse.

Ubwino wa nyemba n'ngwakuti zimatha. M'mutu mungathe kukhulupirira kuti mwana wafa 95 mwa 100, n'kuvomeranso kuti mwina bandulo yatha, osaona kuti ziwirizi zikulimbirana malo amodzi. Pamphasa sizitheka. Nyemba imene mwaika pa "bandulo" simungaiikenso pa "imfa".

Ine ndinapereka chifukwa chakuti mwina watopa, wangogona. Achemwali anachikana, ndipo analondola: munthu akagona foni ili yoyaka, uthenga umafika, matiki amakhala awiri. Tinachifufuta. Ndinasangalala nazo, chifukwa zinasonyeza kuti ayamba kuyeza zinthu m'malo mongomva za ine. Zotsalazo anagawa motere: foni yazima kapena bandulo yatha, nyemba 9. Foni yabedwa, yatayika kapena yawonongeka, 5. Wagwidwa ndi apolisi pa nkhani ya mapepala, 3. Wadwala kapena wavulala ndipo ali kuchipatala, 2. M'manja mwawo munatsala nyemba imodzi, ndipo anaiika pa imfa.

Kunena zoona, ngakhale nyemba imodziyo inali yochuluka. Pa mafoni 20 amene azima usiku umodzi ku Joni, si kuti mwini wa imodzi amakhala atafa. Koma sindinalimbane nawo. Kuchoka pa nyemba 19 kufika pa imodzi m'mawa umodzi n'kokwanira, ndipo nambala imene munthu wafikapo yekha imakhalitsa kuposa imene wapatsidwa.

Gamulani, ndipo chigamulo chitchule mbali zonse

Lembani chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimene zikunyamula umboni wonse, woipa ndi wabwino womwe. Cha achemwali chinali chotere: "Foni ya mwana wanga yazima kwa maola 11. Amayenda usiku kumalo oopsa, ndiye nkhawa yanga ili ndi pogwira, koma zimenezi zachitikapo maulendo 9 ndipo ulendo uliwonse vuto linali foni, komanso anzake sanandiimbire. Chodziwikiratu kwambiri n'chakuti foni yazima kapena yabedwa."

Muyese chigamulo chanu pochiwerenga mokweza. Ngati mukumva ngati mukudzinamiza, chakometsedwa kwambiri, bwezeranimo mbali yowawa. Kenako bwererani ku manambala awiri aja. Achemwali anatsika kuchoka pa 95 kufika pa 30 pa kukhulupirira, ndipo mantha anachoka pa 90 kufika pa 50. Muona kuti 30 sakugwirizana ndi nyemba imodzi ija. Si zachilendo ayi. Mutu umatsogola, mtima umatsalira m'mbuyo, ndipo thupi limene lakhala tcheru usiku wonse silingakhazikike m'mphindi 20. Musayembekezere 0. Nambala ikatsika ndi 20 kapena 30, ntchito yagwirika. Ikapanda kusuntha ngakhale pang'ono, nthawi zambiri ndiye kuti mwayeza ganizo lolakwika. Pansi pake pali lina lalikulu limene simunalilembe, monga "zikachitika lidzakhala vuto langa, ndine ndinamulola kupita". Bwererani koyambirira, mulilembe limenelo, muliyeze palokha.

Chitani chinthu chimodzi, muike nthawi, muleke

Maganizo oopsa amanama pawiri. Amakulitsa mwayi woti choipa chichitike, komanso amachepetsa mphamvu zanu zopirira chikachitika. Ndiye yang'anani zifukwa zimene zalandira nyemba zambiri, ndi zoipa zapakatikati zija, mudzifunse kuti, zikakhala zimenezi ndichita chiyani? Foni ikakhala kuti yabedwa, mwana adzabwereka ya mnzake. Akakhala kuti wagwidwa, pali msuweni wathu amene wakhala kumeneko zaka zambiri ndipo amadziwa koyambira. Akakhala kuchipatala, ndalama ya chipereganyu ya mwezi umenewo inali ya achemwali. Zonsezi n'zowawa, koma chilichonse chinali ndi pogwira.

Kenako sankhani chochita chimodzi chimene chingabweretse uthenga weniweni, ndipo muike nthawi. Tinalembera mmodzi wa anyamata okhala naye aja uthenga umodzi. Tinagwirizana kuti achemwali ayang'ana foni 12 koloko masana, kenako 6 koloko madzulo, ndipo kukakhalabe zii pofika madzulo tiimbira msuweni uja kuti apiteko. Pakati pa nthawi zimenezi foni ikhala m'chikwama, iwo apita kumsika kukatsegula benchi yawo.

Mbali imeneyi ndi yovuta kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu ambiri amailumpha. Kuimba maulendo 14, kusuzumira foni mphindi iliyonse, kufunsa aliyense kuti "mukuganiza kuti ali bwino?", zonsezi zimaziziritsa mtima kwa kanthawi kochepa, kenako mantha amabwerera atakula. Choipa kwambiri n'chakuti mwanayo akayankha, mutu umaphunzira phunziro lolakwika, loti tapulumuka chifukwa tinadandaula mokwanira. Ulendo wotsatira umadandaula kuposa pamenepo. Mukadikira nthawi imene munaika, mutu umapeza mpata woona kuti nkhani yatha mmene ikanathera, inu musanaivutikire.

Mnyamata uja anayankha cha m'ma 11 koloko. Mwana wa achemwali anali atalandidwa foni potsika minibasi usiku wa Lachiwiri. Sanavulale, anali atapita kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo ankaopa kuuza mayi ake. Choipa chinachitikadi, cha nyemba 5 chija. Ndikufuna ndinene mosabisa kuti kutha bwino kwa nkhaniyi si kumene kukutsimikizira kuti njirayi ndi yolondola. Tsiku lina nyemba imodzi ija idzakhala yoona kwa wina wake, chifukwa anthu amafadi ku Joni. Njirayi silonjeza kuti choipa sichichitika. Imangokuthandizani kuti mantha akhale aakulu molingana ndi umboni umene muli nawo pa nthawiyo.

Kope la maulosi

Kuyeza ganizo limodzi kumathandiza tsiku limenelo. Chimene chimasintha chizolowezi ndi kusunga chiwerengero. Kumapeto kwa kope lanu jambulani magawo anayi: tsiku, chimene ndikulosera kuti chichitika ndi nthawi imene chichitikire, mmene ndikuchikhulupirira mwa 100, ndi chimene chinachitikadi. Ulosi uliwonse ukhale woti tsiku lake likafika mungathe kulemba kuti "chachitika" kapena "sichinachitike". "Zinthu zindivuta" si ulosi. "Eninyumba anditulutsa mwezi uno usanathe" ndi ulosi. Lamlungu lililonse madzulo bwererani mudzaze gawo lachinayi, ndipo pamene choipa chinachitikadi, lembaninso mmene munachithetsera.

Ofufuza awiri a ku yunivesite ya boma ya Pennsylvania, Lucas LaFreniere ndi Michelle Newman, anachita zofanana ndi zimenezi ndi anthu 29 amene anali ndi matenda a nkhawa. Anthuwo analemba nkhawa zawo kwa masiku 10, n'kuzitsatira kwa mwezi umodzi kuti aone zimene zachitikadi. Nkhawa zoposa 91 mwa 100 sizinachitike. Anthu 29 ndi ochepa, ndipo nambala imeneyi si lamulo la munthu aliyense. N'chifukwa chake mukufunika nambala yanuyanu, yolembedwa ndi dzanja lanu. Mutu wa mantha umatha kukana za anthu a ku America, koma umavutika kukana kope lake lomwe. Perekani masabata anayi kapena asanu ndi limodzi musanaweruze ngati zikukuthandizani.

Pamene njirayi imakanika

Musayeze maganizo 2 koloko usiku muli pabedi. Nthawi imeneyo mutu wotopa umaona chilichonse chakuda, ndipo simungaimbire aliyense kapena kufufuza kalikonse. Lembani ganizolo mzere umodzi, mulembe kuti "mlandu uno ukambidwa 7 koloko m'mawa", mutseke kope. M'mawa muukambedi, chifukwa mukauzemba mutu sudzakukhulupiriraninso usiku wotsatira.

Ganizo limodzi muliyeze kamodzi. Likabweranso masana omwewo popanda umboni watsopano, werengani chigamulo chija, mupitirize zimene mumachita. Mukapezeka kuti mukugawa nyemba pa nkhani imodzimodzi kasanu patsiku, kapena simungatuluke m'nyumba musanalembe, ndiye kuti kope lasanduka foni ija yoimbidwa maulendo 14. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu amene amavutika ndi maganizo obwerezabwereza osawafuna, monga kuopa kuti avulaza mwana wawo kapena kuti sanatseke chitseko ngakhale achiyang'ana kakhumi. Kwa iwo kutsutsana ndi ganizo kumalidyetsa, ndipo amafunika chithandizo cha mtundu wina kwa katswiri.

Nthawi zina mukayeza mudzapeza kuti umboni ulidi kumbali ya mantha. Mwamuna amene anakumenyanipo ndipo akuopseza kuti akuphani, chotupa cha m'bere chimene chikukula, chifuwa chimene chapitirira masabata awiri, mwana wotentha thupi amene akukomoka: apa nyemba zambiri zikagwera pa choopsa, njirayi yagwira ntchito yake, ndipo chotsatira ndi kupita kupolisi kapena kuchipatala lero lomwe. Pa nkhani za thupi, umboni wabwino ndi kuyezetsa kamodzi kwa dokotala, osati kudzigwiragwira tsiku lonse. Dziwaninso kuti kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera zimatha kuchokera ku kuchepa kwa magazi, ku chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, kapena ku khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zambiri. Zimenezi kope silingazichize.

Ngati nkhawa yakhala nanu masiku ambiri kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ikukulandani tulo, ikukulepheretsani ntchito, kapena mwayamba kumwa mowa kuti mugone, pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zimathandizanso anthu a nkhawa, si a misala okha monga ambiri amaganizira. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire miyezi 6 kapena Lamlungu la kope. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero, akuperekezeni kuchipatala. Popita tengani kope lija, chifukwa masamba amene munalemba maulosi ndi manambala adzamuuza dokotala m'mphindi zisanu zimene inu mukanavutika kufotokoza mu ola lathunthu.